Sharpe wa 26 pa ngongole za gulu: ndigulitse masheya?

Tiwonge: Mwaswera bwanji akuluakulu. Ndili ndi ndalama malo awiri. Ina ili m'gulu lathu lobwereketsa kwa amalonda kuno ku Katoto, ina ndinagulira masheya pamsika wa ku Blantyre. Ndawerengera reshiyo ya Sharpe ya chaka chathachi kuti ndione komwe kukundilipira bwino poyerekeza ndi chiwopsezo chake. Gulu latulutsa 26.5, masheya 1.7 basi. Ndikuganiza zogulitsa masheya onse ndikaunjike kugulu. Alipo wondiletsa?

Wongani: 26.5 peresenti pachaka? Nanga si matibilu, aja obwereketsa boma ndalama, akhala akufika pafupifupi pomwepo, popanda kuthamangitsana ndi angongole?

Yamikani: Si peresenti imeneyo achimwene. Sharpe amatenga phindu n'kuligawa ndi kukwera ndi kutsika kwa phindulo. Yankho lake ndi nambala chabe, yokuuzani kuti pa kugwedezeka kulikonse kumene mwapirira mwalipidwa zingati. Ku Mzuni anatiuza kuti ikafika 1 ndi yabwino, ikafika 2 ndi yabwino kwambiri. Ndiye 26 ndi nkhani ina. Asisi musachedwe.

Wongani: Oo, ndiye ndinamva zina. Pitirizani.

A Kamanga: Asachedwe kupita kuti, Yamikani? Tiwonge, tatumizani manambala enieniwo, mwezi ndi mwezi, komanso fomula imene mwalemba. Ine pa zaka zimene ndinagwira ntchito ya ndalama, nambala yotere ndikaiona sindinkasangalala, ndinkayamba kufunsa mafunso.

Tiwonge: Chabwino bambo. Phindu la gulu pamwezi, m'maperesenti: 4, 4, 3.5, 4, 4.5, 4, 4, 3.5, 4.5, 4, 3, 5. Avareji ndi 4. Ndalemba chonchi:

```
=AVERAGE(B2:B13)/STDEV.S(B2:B13)*SQRT(12)
```

STDEV.S, yoyeza kukwera ndi kutsika kwa phindu, yatulutsa 0.52. Kumasheya avareji ndi 4.5 pamwezi, koma STDEV.S ndi 9, chifukwa mwezi wina anakwera zedi, miyezi ina anagwa.

A Kamanga: Yewo. Choyamba n'chosavuta kukonza. Simunachotse phindu limene mukanapeza mutangokhala phee osalowa m'chiwopsezo. Pamwamba pa fomula ya Sharpe sipakhala phindu lonse, pamakhala phindu lotsala mukachotsa la matibilu. Kumaiko kumene chiwongoladzanja chinali pafupi ndi ziro anthu ankaiwala kuchotsa ndipo yankho silinkasintha kwenikweni. Kuno kwathu simungaiwale, chifukwa zaka zapitazi matibilu a chaka chimodzi akhala akupereka kupitirira 20 peresenti. Kuti masamu aphweke tingotenga 24 pachaka, ndiye kuti 2 pamwezi. Nambala yeniyeni mukaione pa zimene banki yaikulu yalengeza.

```
=(AVERAGE(B2:B13)-2)/STDEV.S(B2:B13)*SQRT(12)
```

Kugulu, 4 kuchotsa 2 atsala 2. Gawani ndi 0.52, kenaka chulukitsani ndi 3.46, yemwe ndi SQRT(12) uja, mupeza pafupifupi 13.3. Kumasheya, 4.5 kuchotsa 2 atsala 2.5. Gawani ndi 9 n'kuchulukitsa ndi 3.46, mupeza 0.96.

Yamikani: Ndiye palibe chasintha bambo. 13 ndi 1, gulu likupambanabe kutali. Komanso pa manambala apamwezi sitiyenera kutenga matibilu a masiku 91, omwe amapereka zochepa?

A Kamanga: Pa za masiku 91 mwanena zoona, ndi amene ambiri amatenga. Ikanimo amenewo, manambala akwera pang'ono mbali zonse ziwiri. Koma vuto lalikulu silili pamwamba pa fomula, lili pansi. Taganizani, 0.52 ameneyu akuyeza chiyani? Akuyeza mmene phindu lolembedwa m'buku linasinthira pa miyezi 12 imene palibe amene analephera kubweza. Sakuyeza mwayi woti wina alephera. Ngongole imayenda chonchi: mwezi ndi mwezi mumalandira kachiwongoladzanja kofanana, kenaka tsiku limodzi wina sabweza ndipo mumataya mpamba wonse umene anatenga. Kugwa kumeneko kusanachitike, m'manambala anu mulibemo ngakhale fungo lake. Zili ngati kuyeza mafunde ku Nkhata Bay m'mawa wa bata n'kulemba kuti nyanjayi ilibe mwera.

Tiwonge, thumba lonse la gulu ndi ndalama zingati, ndipo amene anatenga zambiri kuposa onse ali nazo zingati?

Tiwonge: Thumba lili pa K12 miliyoni. Wamkulu pa onse ali ndi K3.6 miliyoni. Ndi bambo wina wopikula katundu ku Tanzania, sanaphonyepo ngakhale mwezi umodzi.

A Kamanga: Ndiye kuti 30 peresenti ya thumba ili m'manja mwa munthu mmodzi. Sindikuwanenera zoipa bambowo, koma tiyerekeze kuti katundu wawo wagwidwa pachipata cha Songwe, kapena adwala, ndalama osabwera. Onjezani mwezi wa 13 pamzere wanu uja mulembepo -30, ndipo musinthe B13 akhale B14. Mutiuze chimene chituluke.

Tiwonge: Eee. Avareji yatsika kufika 1.38. STDEV.S yakwera kufika 9.44. Sharpe ndi -0.23.

Wongani: Kuchoka pa 13 kufika pansi pa ziro ndi mwezi umodzi?

A Kamanga: Mwezi umodzi. Ndipo taonani 9.44 ameneyo, waposa 9 wa masheya aja amene amaoneka oopsa. Chiwopsezo chinalipo kuyambira kale, kungoti masheya amachionetsa mwezi uliwonse pamene ngongole imachisunga n'kudzachitulutsa kamodzi.

Njira ina yoonera, yosafuna kompyuta. Mwezi wabwino gulu limakupatsani 2 peresenti pamwamba pa matibilu. Mwezi woipa umakulandani 30, kuphatikiza 2 amene mukanapeza kumatibilu, ndiye 32. Pafunika miyezi yabwino 16 kuti mukwirire dzenje limodzi. Choncho funso lenileni n'lakuti, kodi kulephera kwakukulu koteroko kumabwera patalipatali kuposa pamenepo? Ndi miyezi 12 yokha simungayankhe, chifukwa mbiri yanu ndi yaifupi kuposa nthawi imene tikufunsayo.

Mayi Banda: Pepani ndilowerere. Ine ndine msungichuma wa bankim'khonde kuno ku Chibavi ndipo nkhani izi zikundiwawa pang'ono. Anthu ophunzira mumakonda kunyoza magulu athu. Ife timadziwana, timadziwa nyumba ya aliyense, timatenga chikole. Wina akavuta timapita gulu lonse kukakhala pakhonde pake mpaka atulutse. Masheya anuwo akagwa mumapita pakhonde pa ndani?

A Kamanga: Mayi, sindikunyoza ayi. Chikole ndi kudziwana n'zimene zimachepetsa kutayako. Mwina m'malo mwa -30 mungataye 10 yekha chifukwa mwagulitsa firiji ndi njinga yamoto. Mfundo yanga ndi yoti zonse mwatchulazo Sharpe sakuziona. Gulu lokhala ndi chikole chokwanira ndi gulu lopanda chikole n'komwe, onse akalemba 4 peresenti mwezi uliwonse, atulutsa Sharpe wofanana. Ndiye nambalayi singamuuze Tiwonge kuti gulu lake lili mbali iti.

Koma ndikufunseni inu amene mumagwira buku. Munthu akabwera ndi chiwongoladzanja chokha, n'kunena kuti mpamba ndibweza mwezi wamawa, mumalemba bwanji?

Mayi Banda: Timalandira chiwongoladzanjacho n'kulemba, mpamba timausuntha kumwezi wotsatira. Amasaina pambali pake. Zimachitika kawirikawiri, makamaka miyezi ya Januwale ndi Febuluwale ndalama zikasowa m'tauni, fizi ndi feteleza zitadya zonse. Vuto limaoneka pogawana mu Disembala. Chaka china mayi wina anasuntha mpamba kuyambira nthawi yozizira, mwezi uliwonse akubwera ndi chiwongoladzanja chake bwinobwino atachimanga pansalu. Tsiku logawana ndi pamene tinamva kuti ankakongola ku gulu lina kuti azitilipira ife. Tinagawana zoperewera.

A Kamanga: Basi mwayankha bwino kuposa ine. M'buku lanu miyezi yonseyo phindu linali losalala, ndipo mukanawerengera Sharpe mu Novembala akanatuluka wokongola kwambiri. Kusalalako kunali kwa kalembedwe, osati kwa ndalama. Ngongole inali itadwala kale koma inkalembedwabe pa mtengo wake wonse.

Tiwonge: Izi zandikhudza. Bambo aja sanaphonyepo, koma sindikudziwa ngati amabweza mpamba kapena chiwongoladzanja chokha. Ife timangoona pepala la mwezi lolembedwa phindu.

Yamikani: Koma bambo Kamanga, vuto la Sharpe lodziwika si limenelo. Vuto lake n'loti amalanga kukwera ngati kutsika. Masheya a asisi anakwera kwambiri mwezi umodzi, ndipo kukwerako kwakulitsa STDEV.S, Sharpe n'kutsika, pamene palibe munthu amadandaula masheya ake akakwera. N'chifukwa chake pali reshiyo ya Sortino, imene imawerengera miyezi yotsika yokha. Tigwiritse imeneyo nkhani ithe.

A Kamanga: Theka loyamba ndikuvomera. Kumasheya Sortino angawachitire chilungamo ndithu. Tsopano muyeseni pa gululo. Pa miyezi 12 ija, ndi ingati imene phindu linatsika pansi pa 2?

Yamikani: Palibe. Wotsikitsitsa ndi 3.

A Kamanga: Ndiye pansi pa fomula mugawa ndi chiyani?

Yamikani: Ndi ziro. Yandipatsa #DIV/0!

A Kamanga: Sharpe anati 13, Sortino akuti chiwopsezo palibiretu. Onse awiri amawerenga zimene zachitika, sawerenga zimene zingachitike.

Izi si za magulu a kuno okha. Bernard Madoff ku Amerika ankaonetsa phindu la pafupifupi 1 peresenti mwezi ndi mwezi kwa zaka zambiri, miyezi yotsika yowerengeka chabe, msika ukwere kapena ugwe. Sharpe wake anali wosiririka. Mu Disembala 2008 anamangidwa, zitadziwika kuti ankalipira akale ndi ndalama za atsopano. Amene anamukayikira kale anamukayikira chifukwa cha kusalala komweko. Ndisamveke molakwa, sindikuti gulu la Tiwonge ndi lachinyengo. Ngongole yachilungamo nayonso imasalala. Koma nambala imeneyi siisiyanitsa ziwirizi, ndipo thumba loona la masheya likasunga Sharpe wa 1 kwa zaka zambiri ndiye kuti lachita bwino kwambiri. Mukaona 13, fufuzani chimene sichinayezedwe.

Madalitso: Ine ndabwera mochedwa, ndinali kushopu ku Taifa. Ndawerenga zonse ndipo ndili ndi dandaulo ndi "wopanda chiwopsezo" wanuyo. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka cha m'ma K1,180 kufika K1,700. Munthu amene anali ndi matibilu analandira makwacha ake onse, inde, koma kwa ine wogula katundu ku Dar es Salaam, ndalama imeneyo inataya pafupifupi 30 peresenti ya mphamvu usiku umodzi. Ndiye -30 wanuyo anagwera aliyense, wa gulu, wa matibilu, wa masheya. Sharpe wanu anaziona?

A Kamanga: Sanazione, a Madalitso, ngati mukuwerengera m'makwacha. Matibilu amatchedwa opanda chiwopsezo m'lingaliro limodzi lokha, loti mukudziwiratu makwacha amene mudzalandire. Zimene makwachawo adzagule ndi nkhani ina. Kwa inu amene ndalama zanu zimathera kunja, muyenera kusintha manambala onse kukhala madola, ndi kuchotsa chiwongoladzanja cha madola osati cha matibilu athu.

Madalitso: Pa mtengo uti? Wa kubanki kumene dola simungaipeze, kapena umene timagulira enafe?

A Kamanga: Umene mumagulira. Koma pamenepo manambala a mwezi ndi mwezi muwatenga kuti? Aliyense ali ndi wake.

Yamikani: Ine sindikugwirizana nazo zosintha kukhala madola. Asisi amalipira lendi m'makwacha, amagula ufa m'makwacha. Ndipo kugwa kwa kwacha kumamenya gulu ndi matibilu mofanana, ndiye pochotserana pamwamba paja kumafafanizika.

Madalitso: Sikufafanizika mphwanga. Kwacha ikagwa, bambo wopikula ku Tanzania uja ndi amene amayamba kutsamwa, chifukwa mpamba womwewo ukugula katundu wochepa pamene ngongole ili pomwepo. Ndiye mwezi umene ndalama yatha mphamvu ndi mwezi womwewo umene angalephere kubweza. Ndipo si iye yekha, onse opikula m'gulumo amadwalira limodzi. Ndinaziona ndi maso pamzere wathu.

A Kamanga: Mfundo imeneyi ndi yolemera. Nkhani ya ndalama yoyezera tiisiye, nonse muli ndi mbali. Koma zoti angongole amagwera limodzi, Tiwonge mulembe. Mufunse kuti pa K12 miliyoniyo ndi zingati zili kwa anthu a malonda amtundu umodzi.

Wongani: Ndiye kuti masheya ndiye abwino? 0.96 ija ndiye yoona?

A Kamanga: Ayi, nayonso ili ndi matenda ake, ndipo ndi achibale a omwewa. Msika wathu ndi waung'ono. Pali masheya amene amatha masiku angapo popanda wogula kapena wogulitsa, mtengo n'kungokhala uja wa malonda omaliza. Pa sipuredishiti masiku amenewo amaoneka ngati bata, STDEV.S n'kuchepa, Sharpe n'kukwera. Koma si bata, n'kusowa kwa malonda. Tsiku limene mungafune kugulitsa ambiri nthawi imodzi ndi pamene mungadziwe mtengo weniweni, mwinanso kudikira wogula.

Palinso SQRT(12) uja. Kuchulukitsa ndi 3.46 kumaganiza kuti mwezi uliwonse ndi wodziimira pawokha, kuti za mwezi uno sizikuuzani kanthu za mwezi wamawa. Mtengo ukamatsatira nkhani pang'onopang'ono, kukwera kwa mwezi uno kumapitirira mwezi wamawa, ndipo kugwa chimodzimodzi. Zikatero kugwedezeka kwa chaka chonse kumakhala kwakukulu kuposa kumene fomula ikuganiza, ndiye Sharpe wapachaka amatuluka wonenepa. Njira yoonera ndi iyi:

```
=CORREL(B2:B12,B3:B13)
```

Ikatuluka yaikulu ndithu kumbali ya pulasi, mukayikire. Ngakhale ndi miyezi 12 yokha, yankho lakenso silodalirika kwenikweni.

Tiwonge: Ndiye bambo, chida chimenechi chili ndi ntchito yanji? Mwachiphwanya mbali zonse.

A Kamanga: Chili nayo. William Sharpe anachitulutsa mu 1966 poyerekeza matumba a masheya a ku Amerika, zinthu zamtundu umodzi, zokhala ndi masheya ambirimbiri mkati, zogulitsidwa pa mtengo wa msika. Pamenepo chimagwira. Mutakhala ndi matumba awiri a masheya apano, mwawayeza pa zaka zomwezo, ndi matibilu omwewo, Sharpe angakuuzeni amene anapeza phindu lake mosagwedezeka kwambiri. Amathandizanso munthu akamadzitama kuti ndinapanga 30 peresenti, inu n'kumukumbutsa kuti 24 akanaipeza atagona. Chimene sangachite n'kuyerekeza chinthu chimene mtengo wake umaikidwa ndi msika ndi chinthu chimene mtengo wake umalembedwa ndi msungichuma.

Mayi Banda: Msungichumayo ndi ine, ndamva. Koma ndinenebe, a Tiwonge, gulu likakhala ndi malamulo silingamupatse munthu mmodzi 30 peresenti ya thumba. Ife munthu satenga kuposa katatu ka zimene anasunga. Kumeneko anavomera bwanji?

Tiwonge: Anati ndi kasitomala wodalirika ndipo ndalama zinkangokhala. Sitinafune zigone.

Yamikani: Ine ndikuonabe kuti tikuthawa phindu chifukwa cha mantha. -30 uja mwangopeka bambo. Angathenso osabwera zaka zisanu, ndipo asisi adzakhala ataluza 2 peresenti mwezi uliwonse.

A Kamanga: Ndapekadi, ndipo angathe osabwera. Mukhozanso kuyesa -5 ndi -10 kuti muone pamene Sharpe akudutsa wa masheya. Koma kumbukirani kuti Tiwonge sakufunsa ngati akhale m'gulu, alimo kale. Akufunsa zounjika zonse malo amodzi. Ndipo Sharpe amene ali ndi tanthauzo kwa iye si wa gulu palokha kapena wa masheya paokha, ndi wa ndalama zake zonse pamodzi. Zinthu ziwiri zosagwera limodzi zimatetezana. Ngati zimagweradi padera, chifukwa a Madalitso atikumbutsa kuti pali miyezi imene zonse zimadwalira pamodzi.

Madalitso: Komanso ndalama ya gulu mungaitulutse liti? Masheya mwina mudikira masiku, koma kugulu ena amati mpaka Disembala.

Tiwonge: Kwathu ndi notisi ya miyezi itatu, ndipo amabweza pokhapokha ngati ndalama ilipo m'thumba. Masheya sindigulitsa kaye. Loweruka tili ndi msonkhano, ndikapempha buku lenilenilo ndione kuti pa ngongole iliyonse mpamba unabwezedwa liti komaliza, ndi chikole cha bambo aja kuti ndi chiyani. Mayi Banda, kodi ndingapemphe bwanji popanda msungichuma wathu kuganiza kuti ndikumutcha wakuba?

Mayi Banda: Musapemphe nokha ndipo musamutchule dzina. Nong'onezanani ndi anzanu awiri, mupemphe wapampando kuti pamsonkhano uliwonse aziwerenga mokweza ngongole zonse zimene zasunthidwa kupitirira miyezi iwiri. Likhale lamulo la onse. Ndipo mukaone ngati bambowo alibe ngongole kugulu lina, funsani amayi a kumsika, iwo ndi amene amadziwa.

Yamikani: Asisi, mukaona bukulo mutitumizire kuti mpamba wosunthidwa ndi ungati. Ndikufuna ndiwerengerenso titaudula theka.